Hatchi yanga yafika nambala 3 koma ndaluza ndalama: kodi andibera?

Funso: Achimwene, ine ndimapalasa kabaza kuno ku Mangochi, mbali ya Mpondasi. Loweruka lapitali ndinabetcha pa foni mpikisano wa mahatchi wa ku Mangalande. Ndinalemba K5,000 n'kudina pa kabokosi ka E/W, koma anandidula K10,000. Mtengo wa hatchi yanga unali 13.00, ndipo pamwamba panalembedwa 1/4 1-2-3. Hatchiyo inafika nambala 3 limodzi ndi ina. Mnzanga anawerengera kuti ndilandira K20,000, koma mu akaunti munangolowa K8,500. Pa zotsatira pali zilembo DH, ndipo pa hatchi ina yomwe si yanga pali NR. Anzanga pa siteji akuti kampaniyo yandidyera. Ndi zoona?

Yankho: Ayi achimwene, sanakudyereni. Ndawerengera ndi manambala omwe mwapereka ndipo K8,500 ikutuluka ndendende, osatsala ngakhale tambala. Mnzanuyo sanalakwitsenso masamu. K20,000 yake ndi yomwe mukanalandira zikanakhala kuti mpikisano unatha monga unaonekera m'mawa. Kungoti pakati pa m'mawa ndi madzulo panachitika zinthu ziwiri, ndipo chilichonse chinadula gawo lake. Zilembo ziwiri mwazionazo, NR ndi DH, ndiye mipeni yake.

Tiyambe ndi K10,000 ija. Mukadina E/W simwabetcha kamodzi, mwabetcha kawiri pa hatchi imodzi. Kubetcha koyamba n'kwakuti hatchiyo ipambana. Kwachiwiri n'kwakuti ifika m'gulu la mahatchi otsogola omwe kampani yalonjeza kulipira, kwa inu atatu oyamba. Ndalama yomwe mwalemba imapita kwina K5,000, kwinanso K5,000. Ndinagwirapo ntchito zaka zingapo m'shopu yobetchera ku Joni, ndipo palibe chomwe chinkatiyambanitsa ndi makasitomala atsopano kuposa ichi. Munthu amaona pepala limodzi n'kumaganiza kuti ndi kubetcha kumodzi. Ife kumbuyo kwa kauntala pepalalo tinkaliwerengera ngati mapepala awiri osadziwana.

Ndiye hatchi yanu itangolephera kufika yoyamba, K5,000 yoyamba ija inapita. Iwalani. Nkhani yonse yatsala pa K5,000 yachiwiri.

Theka lachiwirili sililipidwa pa mtengo wonse wa hatchi. Sizingatheke, popeza kufika m'gulu la atatu n'kosavuta kusiyana ndi kupambana. N'chifukwa chake pamwamba paja pamalembedwa 1/4 kapena 1/5. Tanthauzo lake n'lakuti phindu lomwe mukanapeza hatchi itapambana amaligawa panayi kapena pasanu n'kukupatsani gawo limodzi. Apa pali msampha wa manambala a pa foni. Mtengo wa 13.00 uli ndi ndalama yanu yomwe mkati. Phindu lenileni ndi 12 pa kwacha iliyonse, n'chifukwa chake Angerezi mtengo womwewo amaulemba 12/1. Amene agawa 13 yenseyo amapeza yankho lolakwika. Choyamba chotsani 1, gawani chotsalacho, kenako mubwezere 1 uja.

```
(13.00 - 1) / 4 + 1 = 4.00
(13.00 - 1) / 5 + 1 = 3.40
```

Mnzanu anagwiritsa mzere woyambawo: K5,000 kuchulukitsa ndi 4.00, K20,000. Mpaka pamenepa ali bwino.

Tsopano NR. Zilembo zimenezi zimaikidwa pa hatchi yomwe inalembetsedwa koma sinathamange. Mwina yatsimphina m'mawa, mwina mvula yafewetsa bwalo ndipo mphunzitsi wake waona kuti singachite bwino m'matope, mwinanso yakana kulowa m'chipata choyambira. Mukhoza kufunsa kuti hatchi ya eni yomwe simunaibetchere ikukukhudzani bwanji. Ikukukhudzani chifukwa chiwerengero cha malo olipidwa, ndi gawo lomwe amalipira, zimadalira mahatchi omwe athamangadi, osati omwe analembetsedwa.

Makampani ambiri omwe amaonetsa mipikisano ya ku Mangalande ndi ku Ireland amatsata ndondomeko yakale ya kumeneko. Mahatchi akakhala 4 kapena kucheperapo, palibe za malo, amalipira wopambana yekha. Akakhala 5 mpaka 7 amalipira awiri oyamba pa 1/4. Kuyambira 8 kupita m'mwamba amalipira atatu oyamba pa 1/5. Koma pali mipikisano ina yotchedwa handikapu, momwe hatchi yamphamvu amaisenzetsa katundu wolemera kuposa yofooka kuti onse akhale ndi mwayi wofanana. Popeza yotereyi njovuta kulosera, akachuluka mahatchi malipiro amakomako: 12 mpaka 15 amalipira atatu pa 1/4, ndipo kuyambira 16 amalipira anayi pa 1/4.

Simunandiuze kuti mahatchi anali angati, koma manambala anu andiuza okha. Malo atatu pa 1/4 ndiye kuti unali handikapu wa mahatchi 12 mpaka 15. Ndipo kuti kuchoka kwa hatchi imodzi kusinthe malipiro, ndiye kuti anali 12 enieni. Imodzi itachoka anatsala 11, ndipo 11 sakwana pa mlingo wa 1/4. Mpikisano wanu unagwera m'gulu lija la "8 kupita m'mwamba". Malo anakhalabe atatu, koma gawo linatsika kufika pa 1/5. Mzere wachiwiri uja ndiye unagwira ntchito: K5,000 kuchulukitsa ndi 3.40, K17,000. Apo K3,000 yapita hatchi yanu isanatuluke n'komwe m'khola. Tsegulaninso zotsatira za mpikisanowo muwerenge mahatchi onse omwe anathamanga. Mukapeza 11, nkhani ya NR yatha.

Kunena zoona inu munagwa pofewa. Pali malo ena pa ndondomekoyi pomwe hatchi imodzi ikachoka, malo athunthu amasowa. Mpikisano wa mahatchi 8 ukatsala ndi 7, wa nambala 3 salandira kanthu. Handikapu wa 16 ukatsala ndi 15, wa nambala 4 amangoyang'ana. Ndimakumbukira bambo wina wachikulire yemwe ankabwera m'shopu mwathu ndi nyuzipepala yopindapinda m'thumba la jekete, atazunguliza mahatchi ake ndi bolopeni yofiira. Tsiku lina anabwera pa kauntala akumwetulira, hatchi yake itafika nambala 3. Ndinamuonetsa pa sikirini kuti imodzi inakana kulowa m'chipata ndipo anathamanga 7. Sanakalipe. Anangowerenga mayina ndi chala, kuyambira pamwamba mpaka pansi, kawiri konse, n'kupinda pepala lake n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo akaona mpikisano wa mahatchi 8 ankadikira mpaka patsale mphindi zochepa asanabetche. Ine ndimati anali wanzeru. Mpikisano wa 8, wa 12 ndi wa 16 ndi wa m'mphepete mwa phompho, ndipo wobetcha E/W m'mawa pa mipikisano imeneyi akubetcheranso kuti palibe hatchi yomwe idwale masana.

Palinso 5 kutsala 4. Pamenepo malo amatheratu, ndipo makampani ambiri theka lachiwiri lija amaliphatikiza ku loyamba, ndalama yonse n'kukhala ya kupambana basi. Ena amabweza thekalo. Zimenezi muziwerenge m'malamulo a kampani yanu, chifukwa apa sachita mofanana.

Tibwere ku DH, komwe kunapita ndalama yambiri.

Pa mzere womalizira pali kamera, ndipo woweruza amayang'ana mphuno za mahatchi pa chithunzi. Osati mwendo, osati mutu wa wokwera, mphuno. Nthawi zambiri ngakhale mahatchi aoneke ngati afika pamodzi, chithunzi chikakulitsidwa ina imaoneka kuti yatsogola pang'ono. Koma zimachitika kuti woweruza walephera kuwasiyanitsa, ndiye amalengeza kuti alepherana. Sizichitika m'timipikisano tating'ono tokha. Achibale athu omwe ali ku Durban angakuuzeni za Durban July ya 2008 pa bwalo la Greyville, pomwe Pocket Power ndi Dancer's Daughter anafika pamodzi pa nambala 1 mu mpikisano waukulu wa dziko lonselo. Ku Ireland mu 2011 Duncan ndi Jukebox Jury anachitanso chimodzimodzi mu Irish St Leger.

Funso lomwe wolipira amadzifunsa akaona DH ndi limodzi: mahatchi omwe alepheranawa ndi angati, ndipo malo olipidwa omwe atsala kuti agawane ndi angati? Kwa inu, nambala 1 ndi nambala 2 zinali zitatengedwa kale. Panatsala malo amodzi, mahatchi awiri. Zili ngati anthu awiri agwira chishalo cha njinga yanu nthawi imodzi pa siteji, mpando uli umodzi. Kampani inalonjeza kulipira mahatchi atatu, osati anayi. Ndiye lamulo limati: tenga ndalama yomwe munthu anaika, uigawe pawiri. Theka limodzi uliwerenge ngati lawina ndipo ulilipire pa mtengo wonse. Theka linalo laluza.

K5,000 yanu inasanduka K2,500 yowina ndi K2,500 yoluza. K2,500 kuchulukitsa ndi 3.40 ndi K8,500. Mkati mwakemo K6,000 ndi phindu, K2,500 ndi ndalama yanu yobwerera. Ndi yomwe inalowa mu akaunti mwanu.

Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri, ngakhale obetcha akalekale, amasokonezeka. Iwo amaganiza kuti mahatchi akalepherana chodulidwa pakati ndi phindu, ndalama yawo n'kubwerera yonse. Zikanakhala choncho mukanalandira theka la K12,000, lomwe ndi K6,000, kuphatikiza K5,000 yanu yonse, pamodzi K11,000. Mukanatuluka ndi kaphindu ka K1,000 pa K10,000 yanu. Koma chodulidwa ndi ndalama yoikayo, osati mtengo. Phindu limatuluka lofanana njira zonse ziwiri, K6,000, kusiyana kwake kuli pa K2,500 ija yomwe yawerengedwa ngati yaluza. Ndi yomwe yakuchotsani pa kaphindu n'kukuikani pa kuluza K1,500.

Kodi lamuloli ndi lachilungamo? Ine ndimati inde. Taganizani woweruza akanangoponya ndalama m'mwamba kuti asankhe ya nambala 3 pakati pa mahatchi awiriwo. Mukanakhala ndi mwayi theka wolandira K17,000 ndi mwayi theka wosalandira kanthu. Pakatikati pa ziwirizo ndi K8,500. Lamuloli silikuwonjezerani kapena kukuchotserani, langokupatsani mtengo wa mwayi wanuwo popanda kuponya ndalama. Chomwe ndimadana nacho ine ndi makampani omwe amangolemba nambala yomaliza pa tiketi osaonetsa m'mene aipezera. Munthu wapalasa njinga padzuwa la ku Mangochi kuti apeze K10,000 ayenera kuona masamu ake.

Chowawa pa nkhani yanu n'chakuti mipeni iwiriyi inakumana tsiku limodzi. Hatchi ija ikanathamanga, malipiro n'kukhalabe pa 1/4, K2,500 kuchulukitsa ndi 4.00 ikanakupatsani K10,000, ndalama yanu yonse ndendende. Kapena hatchi yanu ikanatulutsa mphuno pang'ono n'kukhala yokha pa nambala 3, mukanalandira K17,000.

Musatengere pamenepa kuti DH iliyonse imadula ndalama. Zimatengera kuti alepherana pa malo ati. Tiyerekeze mpikisano womwewu, koma hatchi yanu yalepherana ndi inzake pa nambala 2. Mahatchi awiri, malo otsala awiri, wachiwiri ndi wachitatu. Aliyense ali ndi mpando wake, palibe chogawana. Mukanalandira K17,000 yonse, ndipo hatchi yobwera pambuyo pawo imawerengedwa nambala 4, osati 3.

Nanga akalepherana pa nambala 1, ngati ku Greyville kuja? Apa ndi pomwe zimaonekera bwino kuti E/W ndi kubetcha kuwiri. Theka la kupambana limadulidwa, popeza malo a wopambana ndi amodzi ndipo mahatchi ndi awiri: K2,500 kuchulukitsa ndi 13.00, K32,500. Koma theka la malo silikhudzidwa, chifukwa kaya hatchiyo muiwerenge yoyamba kaya yachiwiri, ili m'gulu la atatu. K17,000 imabwera yonse. Pamodzi K49,500. Ikanapambana yokha mukanatenga K65,000 ya kupambana ndi K17,000 ya malo, K82,000. Ndaonapo wogwira ntchito watsopano akudula magawo onse awiri pakati, ndipo kasitomala sanadziwe kuti wamanidwa. Ngati mudzaone DH pa nambala 1 ndipo ndalama yonse yangogawidwa pawiri, apo ndiye muli ndi mlandu weniweni woti mukadandaule.

Mahatchi atatu akalepherana, zomwe sizichitikachitika, funso ndi lomwe lija. Atatu pa nambala 3, malo amodzi: gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yanu ndi lomwe lawina. Atatu pa nambala 2, malo otsala awiri: magawo awiri mwa atatu awina, limodzi laluza.

Mbale wanu wa ku Joni akadzakuuzani kuti iye sanaonepo ndalama yake ikudulidwa pakati, musakangane naye. Ena kumeneko amabetcha pa toti, pomwe ndalama za anthu onse zimalowa m'thumba limodzi n'kugawidwa kwa owina mpikisano ukatha. Kumeneko mahatchi akalepherana, thumbalo ndi lomwe limagawidwa, ndipo malipiro omwe amalengezedwa amakhala atatsika kale. Mpeni ndi womwewo, wangodulira kuseri.

Pali chinthu china chomwe sichinakugwereni koma chikanatha kutero, ndipo chimayendanso ndi NR. Mukatenga mtengo msanga, monga munachitira ndi 13.00, kenako hatchi ina n'kuchoka, mwayi wa mahatchi otsala umakwera. Ngati yochokayo inali yamphamvu, mtengo wanu wakale umakhala wokoma mopitirira. Ndiye pali lamulo lomwe pa tiketi limalembedwa Rule 4, lochokera ku komiti ya Tattersalls ya ku Mangalande, lomwe limachotsa gawo pa phindu malinga ndi mtengo womwe hatchi yochokayo inali nawo. Ikakhala ya mtengo woposa 14/1, yomwe palibe ankaiyembekezera, sachotsa kanthu. Popeza masamu anu akutuluka popanda kuchotsa kwina, hatchi yomwe inachoka pa mpikisano wanu iyenera kuti inali yotero. Ikanakhala ya 3/1, akanachotsa 25 pa 100 iliyonse ya phindu. Sakhudza ndalama yobwerera. K6,000 ija ikanatsika kufika K4,500, kuphatikiza K2,500, mukanalandira K7,000. Amene sanatenge mtengo msanga koma wasiya kuti alipidwe pa mtengo woyambira mpikisano, womwe umalembedwa SP, nthawi zambiri Rule 4 simukhudza, chifukwa mitengo imakhala itakonzedwanso kale hatchiyo itachoka. Imamukhudza pokhapo hatchi yachoka mochedwa kwambiri, pa chipata penipeni, nthawi yokonzanso mitengo palibe.

Musanadine E/W ulendo wina, chitani kasamu aka pa foni yomweyo. Kuti theka la malo likubwezereni ndalama yonse yomwe mwaika, phindu lake liyenera kukwirira theka lija laluza. Pa 1/5 zimenezi zimayambira pa mtengo wa 6.00, pa 1/4 zimayambira pa 5.00. Pansi pa pamenepo hatchi yanu ikafika nambala 2 kapena 3 mumalandira ndalama, foni n'kuonetsa zobiriwira, koma mwaluza. Mwachitsanzo hatchi ya 3.50 pa 1/5: chotsani 1 patsala 2.5, kugawa pasanu 0.5, kubwezera 1 ndi 1.50. K5,000 ibweretsa K7,500 pa K10,000 yomwe mwaika. Ndaona anthu ambiri akusangalala ndi matiketi otere mwezi wonse, osadziwa chomwe chikumaliza ndalama mu akaunti. Pa hatchi yotsika mtengo chonchi ine E/W sindiiona phindu lake.

Makampani ena pa mipikisano ikuluikulu, monga Grand National ya ku Aintree, amawonjezera malo, kulipira asanu kapena asanu ndi mmodzi, koma kawirikawiri gawo amalitsitsa kuchoka pa 1/4 kufika pa 1/5. Ndipo malo owonjezerawo amakhala ndi mawu ang'onoang'ono pansi pake, oti agwira ntchito pokhapo mahatchi othamanga akwana chiwerengero chakutichakuti. Palinso ena omwe amasunga malipiro omwe analipo nthawi yomwe munabetcha ngakhale hatchi ichoke. Ichi ndi chokhacho chomwe chingasinthe yankho langa pa nkhani yanu. Tsegulani tsamba la malamulo a mahatchi pa kampani yanuyo, mufufuze pomwe akunena za E/W. Akalemba kuti malo ndi gawo zimatsata mahatchi omwe athamanga, K8,500 ndi yanu yonse ndipo palibe choti mulondole. Akalemba kuti amatsata zomwe zinali pa tiketi nthawi yobetcha, ndiye anayenera kukulipirani pa 4.00, ndipo ali nanu ngongole ya K1,500. Mukatero jambulani tiketiyo, jambulaninso tsamba la zotsatira pomwe pakuoneka NR ndi DH, muwatumizire pamodzi ndi nambala ya tiketi, ndipo muwapemphe akulembereni masamu awo mzere ndi mzere.